Kasereulidwe ka abwana opuma pantchito kopanda wogwetsa nkhope

Paphwando lotsanzika abwana amene akupuma pantchito, zolankhula zimakonda kufanana: adali olimbikira, adali kholo lathu, Mulungu awatsogolere. Pofika wolankhula wachinayi anthu amakhala atatembenukira kumene kukuchokera fungo la nyama ya mbuzi. Mphindi zochepa zoti munthu mmodzi aimirire n'kuwasereula abwanawo zimadzutsa phwando, ndipo mwini wake amazikumbukira kuposa mawu onse oyamikira, chifukwa zimaonetsa kuti anthu ankawaonetsetsa ndi kuwakonda. Koma m'chipindamo mumakhala akazi awo, ana awo, mafumu, abusa kapena ansembe, ndi akuluakulu ochokera kuboma. Nthabwala imodzi yoponyedwa molakwika imatha kumuchititsa manyazi munthu amene sadali n'komwe pamndandanda wa oti asereulidwe.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze kuti tili pasukulu ya pulayimale ina kufupi ndi Ulongwe, m'boma la Angoniya, ndipo a Diretori akupuma kumapeto kwa chaka cha maphunziro atatumikira zaka zoposa 30. Njira yake ndi yomweyo ngakhale abwanawo ali a pachipatala ku Furankungu kapena a pakampani ku Mowatize.

Yambani ndi kupempha

Kwathu kuno si aliyense amasereula munthu wamkulu. Msuweni amasereula msuweni wake, mdzukulu amasereula agogo ake, alamu amasereulana, koma mkamwini sangayerekeze kutero kwa apongozi. Mawu omwewo amene amaseketsa akatuluka pakamwa pa msuweni amasanduka chipongwe akatuluka pakamwa pa wina. Pantchito palibe chibale chotere, choncho ufulu wosereula umachita kupemphedwa.

Pasadatsale milungu iwiri kuti phwando lichitike, tumani anthu awiri, mmodzi wa iwo akhale wachiwiri kwa a Diretori kapena mphunzitsi wamkulu msinkhu, akawaone paokha. Asakawafunse pamaso pa gulu, chifukwa pagulu munthu wamkulu amavomera kuti asaoneke wamantha. Mawu ake akhale olunjika: "Bambo, anzathu akufuna kuti patsikulo pakhale kamphindi kocheza za zizolowezi zanu zapantchito, zoseketsa. Kodi mungalole? Nanga pali zimene simufuna kuti zitchulidwe?" Akaseka n'kuyamba okha kukumbutsa nkhani, ndiye kuti mwaloledwa, ndipo nkhani zimene akukumbutsazo zilembeni, ndi zimene zili zotetezeka koposa. Akati "chitani mmene mwaonera" nkhope ili gwaa, ameneyo ndi ayi waulemu. Zikatero siyani, m'malo mwake konzani zikumbutso zabwino zokhazokha. Ine ndimaona kuti kuwadzidzimutsa abwana ndi nthabwala patsiku lawo lomaliza n'kulakwa, ngakhale kuti ena amati kudzidzimutsako ndiye kokoma. Asadziwe nthabwala zenizenizo, koma adziwe kuti zikubwera ndi mbali imene zichokere.

Ngati mungathe, dziwitsaninso mayi a kunyumba. Iwo ndiwo amadziwa zimene zikuwawa pakalipano, monga matenda amene sadalengezedwe kapena maliro aposachedwa.

Sankhani woyankhula mmodzi

Akhale mmodzi, osati mzere wa anthu opatsirana chimkuzamawu. Anthu akachuluka aliyense amafuna kuposa mnzake, ndipo wachitatu amafika pa nkhani zimene woyamba adazipewa dala.

Woyenera ndi amene wagwira nawo ntchito nthawi yaitali, woyandikana nawo msinkhu, amene anthu adamuonapo akuseka ndi abwanawo masiku wamba. Mphunzitsi amene adayamba nawo limodzi ntchito, kapena mnzawo amene adapuma kale, amakhoza bwino. Pali anthu atatu oti musawapatse ntchitoyi ngakhale atakhala oseketsa chotani. Woyamba ndi amene adakanganapo ndi abwanawo, chifukwa chilichonse chimene anganene chidzamveka ngati kubwezera. Wachiwiri ndi amene akulowa pampando wawo, pakuti nthabwala zake zidzamveka ngati akuti "chokani msanga". Wachitatu ndi mnyamata kapena mtsikana amene wangoyamba ntchito: mafumu ndi makolo akamuona akusereula munthu wa msinkhu wa bambo ake, adzamuyesa wopanda mwambo, ndipo dzina limenelo lidzamutsata a Diretori atapita kale.

Tolerani nkhani, kenaka muzisefe

Woyankhulayo asadalire mutu wake wokha. Ayendere anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi a magawo osiyana: aphunzitsi akale, wa muofesi, mlonda, mayi wosesa, ndi mmodzi wa komiti ya makolo. Asawafunse kuti "mukudziwa chiyani choseketsa cha a Diretori", chifukwa funso limeneli limatulutsa miseche. Afunse zinthu zooneka ndi maso. Kodi amafika nthawi yanji? Ndi mawu ati amene amabwereza pamsonkhano uliwonse? Amanyamula chiyani tsiku ndi tsiku? Amachita chiyani mlendo wochokera kuboma akabwera? Chizolowezi chimene anthu atatu achitchula paokhapaokha ndicho chidzaseketse chipinda chonse, chifukwa aliyense adzachizindikira asadamalize kuchimva.

Tiyerekeze kuti mwatolera nkhani zisanu ndi zitatu. A Diretori amafika pasukulu kusadache n'kuima pachipata ali ndi wotchi m'manja. Akati "pomaliza" pamsonkhano amakhala ali pakati. Ali ndi njinga yamoto yakalekale imene imakana kulira m'mawa wa Juni. Amakonza chilichonse cholembedwa ndi cholembera chofiira. Chipwitikizi chawo chimamveka Chichewa. Tsiku lina la aphunzitsi, pa 12 Okutobala, adamwa n'kuvina mpaka kugwa. Adakangana ndi makolo pa ndalama za chimbudzi. Ndipo anthu amanong'ona kuti ali ndi banja lina kutsidya kwa malire, cha ku Dedza.

Nkhani iliyonse ifunseni mafunso atatu. Kodi idachitika poyera, anthu ambiri akuona? Kodi mwini wake amaiseka, kapena amanyadira nayo? Kodi mungainene akazi awo ndi mwana wawo wamkazi atakhala kutsogolo, inu mukuwayang'ana m'maso? Ikalephera funso limodzi lokha, itayeni.

Zinayi zoyambazo zikudutsa, ndipo taonani chifukwa chake: chilichonse mwa izo ndi khalidwe labwino limene lapyola muyeso. Kusunga nthawi, kufuna kuti anthu amvetse, kusamala katundu, kudana ndi zolakwika. Munthu akasekedwa pa zinthu zotere amatuluka atakwezedwa. Zinayi zotsalazo zikugwa, ndipo ziwiri mwa izo n'zodziwikiratu. Mowa ndi banja la mseri sizitchulidwa, ngakhale mophiphiritsa, ngakhale chipinda chonse chikudziwa. Amene amalandira manyazi a nthabwala yotere ndi mayi amene wakhala pambali pawo atavala kapulana yake yatsopano. Ndalama za makolo nazo ndi mlandu, si nthabwala, ndipo pamaso pa akuluakulu a boma zingamveke ngati mukuwaneneza.

Ya Chipwitikizi ndiyo imanyenga anthu ambiri, chifukwa imaoneka yopepuka. Kumbukirani kuti ambiri mwa amene akupuma pantchito zaka zino adakula m'nthawi ya nkhondo imene idatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Mabanja ochuluka a ku Angoniya, Tsangano ndi Makanga adathawira ku Malawi, ndipo ana awo adaphunzira kumeneko m'Chichewa ndi Chingerezi, Chipwitikizi n'kudzachitola atakula. Mukaseka katchulidwe ka a Diretori mwakhudza zaka zimenezo, ndiponso mwaseka theka la anthu amene akhala m'chipindamo, amene amayankhula chimodzimodzi. Nkhondoyo, uthawathawa, ndi funso loti ndani adali mbali iti, zisiyeni kunja kwa chipata pamodzi ndi ndale za zipani za masiku ano.

Pali zina zimene sizidatuluke pa zisanu ndi zitatuzi koma zimakonda kulowa mwangozi. Musanene kuti adakhalitsa pampando chifukwa chokhwima. Mawu a ufiti sathera paphwando, amapita nawo kumudzi kumene munthuyo akukakhala. Musasewere ndi za dambwe ndi gule, kapena za mpingo wa munthu, pakuti m'chipinda chimodzi mumakhala Akatolika, a mpingo wa Reformada, Asilamu ndi olowa gule. Musaseke mtundu, kaya abwanawo ndi Mnyungwe wochokera kumzinda wa Tete, kaya ndi Msena, kaya ndi wochokera kummwera. Za ukalamba, matenda, thupi ndi imfa zisamveke. Ndalama za penshoni nazonso musazitchule: munthu amene akupuma amakhala ndi nkhawa yeniyeni ya mmene adzakhalire, ndipo nthabwala yoti "tsopano mudziwa mtengo wa sopo" imamulasa pomwe pali bala. Abwana akakhala mayi, onjezani kavalidwe, ukwati ndi kubereka pa zosatchulidwazo, ndipo musanene kuti "ankalamula ngati mwamuna" poganiza kuti mukuwayamikira.

Funani munthu wachiwiri wobisika m'nthabwala

Apa ndi pamene maphwando ambiri amaonongekera, ndiye tikhalepo pang'ono. A Diretori avomera kusekedwa. Ena onse sadavomere. Koma pafupifupi nkhani iliyonse ya abwana ili ndi munthu wina mkati mwake: amene adachedwa, amene adadzudzulidwa, amene adalakwitsa kalata.

Tengani nkhani ya wotchi. Njira yofulumira ndi kunena kuti, "Mukukumbuka tsiku lija adabweza aphunzitsi a giredi 3 pachipata chifukwa chochedwa?" Anthu adzaseka, koma adzatembenuka kuyang'ana mphunzitsiyo, amene mwina adachedwa chifukwa mwana adadwala usiku. Mwamuyalutsa pamaso pa akuluakulu a maphunziro ndi pamaso pa abwana atsopano. Ichotseni nkhope ya munthuyo, nthabwala itsamire pa a Diretori okha: "Kwina konse tambala amalira akaona kuti kukucha. Kuno atambala amadikira amve njinga ya a Diretori, ndiye amadziwa kuti nthawi yolira yakwana." Palibe wavulala, ndipo mwini wake amva kuti anthu ankaona kulawira kwake.

Nkhani ya cholembera chofiira ili ndi msampha womwewo. Mukati "kalata iliyonse yochokera muofesi inkabwerera itafiira", mwanena pagulu kuti mlembi wa pasukulu sadziwa kulemba. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kusenzetsa gulu lonse, kunena kuti "ife" m'malo motchula munthu: "Kalata yowaitanira kuphwando lino tidalemba tonse, aphunzitsi khumi ndi awiri, tidaiwerenga katatu. Yabwerako dzulo ili ndi mizere iwiri yofiira, ndi mawu pansi pake oti tilembenso." Manyazi ogawana anthu khumi ndi awiri salemera aliyense. Yachiwiri, ngati nkhaniyo singamveke popanda munthu wina wake, pitani kwa iyeyo musadafike patsikulo, mumuuze mawu enieni amene mudzanene. Akazengereza, isiyeni.

Pali anthu ena amene amavulala mosadziwika. Wolowa m'malo amavulala mukati "sipadzapezekanso wina wonga iwo" kapena "tiona ngati sukulu iyende". Amene adalipo kale a Diretori asadabwere amavulala mukati "adapeza sukulu ili bwinja", ndipo mwina abale ake ali pomwepo. Akuluakulu ochokera kuboma amavulala mukaseka za mabuku ochedwa kapena malipiro a maola owonjezera. Madandaulo amenewo ali ndi malo ake, koma mukawabisa m'nthabwala mlendoyo sangayankhe, ndipo a Diretori ndiwo adzafunike kupepesa mawa lake. Mayi a kunyumba amavulala ndi nthabwala yotchuka ija yoti "amayi, tsopano vutoli ndi lanu, tikukubwezerani". Ikhoza kudutsa ngati banjalo mukulidziwa bwino ndipo mayiwo mwawauziratu, koma ngati simukudziwa mmene zinthu zilili kunyumbako, athokozeni chabe chifukwa chotibwereka amuna awo zaka zonsezi.

Mukamaliza kulemba, werengani mzere uliwonse n'kudzifunsa kuti: anthu akaseka apa, maso awo apita kwa yani? Yankho likhale a Diretori, kapena tonse. Likakhala dzina la munthu wina, konzaninso.

Mangani zolankhulazo

Nkhani zitatu kapena zinayi zakwana, ndipo zonse pamodzi zisapyole mphindi zisanu ndi ziwiri. Papepala ndi tsamba limodzi ndi theka lolembedwa pamanja. Nthabwala iliyonse iyambe ndi chinthu choona chimene onse akuchidziwa, ikule pang'onopang'ono, ndipo mawu oseketsawo akhale omalizira penipeni m'chiganizo. Mukawaika pakati, kuseka kumakwirira zotsalazo ndipo mumaoneka ngati mukulimbana ndi anthu. Kukokomeza kukhale kwakukulu moti palibe angakuyese umboni. Atambala odikira njinga aliyense akudziwa kuti n'zocheza, pamene "ankatisunga pamsonkhano mpaka 6 koloko" zimamveka ngati dandaulo.

Yambani ndi ulemu wonse monga mwa mwambo: mafumu, akuluakulu a boma, atsogoleri a mipingo, banja, kenaka mwini phwando, pomutchula ndi udindo wake kapena mfunda wake. Mukatero nenani poyera kuti mwaloledwa. Chiganizo chimenechi chimamasula anthu, chifukwa pamaso pa mafumu palibe amayamba kuseka munthu wamkulu asadadziwe kuti n'zololedwa. Nthabwala yofewa ikhale yoyamba, yamphamvu ikhale yachitatu, ndipo yomaliza ikhale imene ingatembenuke kukhala chiyamiko. Pa a Diretori athuwa zingayende chonchi, malonje atatha:

"Ndisadayambe, ndinene kuti ndidapita kwa a Diretori kukapempha chilolezo cha zimene ndinene pano. Adandilola, koma adati ndisapyole mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo mukuona nokha, wotchi ili m'manja.

"Alendo athu mwina simudziwa. Kwina konse tambala amalira akaona kuti kukucha. Kuno atambala amadikira amve njinga ya a Diretori.

"Pamsonkhano tidaphunzira kuti mawu oti 'pomaliza' ali ndi magiredi. Pali 'pomaliza'. Ameneyo ukamumva, khala bwino pampando. Pali 'pomaliza penipeni'. Ameneyo ukamumva, tuma mwana akauze kunyumba kuti aphule ndiwo. Ndiye pali 'ndisadaiwale'. Ameneyo ukamumva, tuma mwana akatenge bulangete.

"Kalata yowaitanira kuphwando lino tidalemba tonse. Yabwerako ili ndi mizere iwiri yofiira.

"Tsono njinga ija. M'mawa wa Juni, kuzizira kwa kuno mukukudziwa, njinga imeneyi siilira popanda kukankhidwa. Palibe mphunzitsi pano amene sadaikankhepo. Sukulu zina zimapempha zipangizo zolimbitsira thupi, ife sitidapemphepo. Koma njinga yomweyo, mwana akadwala m'kalasi, ndiyo inkathamanga naye kuchipatala ku Ulongwe, ndipo mafuta ake sadalipiritsepo kholo lililonse. Bambo, wotchi ija idatiphunzitsa kufika ana asadafike. Cholembera chija chidatiphunzitsa kuwerenga kawiri tisadapereke kanthu kwa mwana. Pitani mukapume, tathokoza."

Taonani kuti chiyamiko chakumapetocho chikutenga zinthu zomwe zija zasekedwa n'kuonetsa phindu lake. Chimenecho chiyenera kukhala choona. Ngati njinga sidanyamulepo mwana wodwala, musapeke, funani chabwino china chimene chidachitikadi, chifukwa anthu a pamalopo amadziwa, ndipo bodza lokoma limafooketsa zonse zimene mwanena. Nkhani ya njinga yomweyi ili ndi malire ake. Ngati a Diretori amainyadira, amaipukuta ndi kuitchula dzina, sekani. Ngati amachita nayo manyazi chifukwa anzawo adagula magalimoto, ndiye kuti nthabwalayo ikunena za umphawi, ichotseni.

Ena amakonda kutsanzira mayendedwe ndi mawu a abwana. Kutsanzira mawu amene amakonda kunena, kapena mmene amakwezera wotchi, kuli bwino. Kutsanzira chibwibwi, kutsimphina, kunjenjemera kwa manja kapena kusamva bwino ndi chipongwe. Ana asukulu musawalowetse m'gawo limeneli. Aimbe nyimbo yawo kapena anene ndakatulo, kusereula kukhale kwa akulu.

Chiyankhulo

Paphwando lotere zolankhula za akuluakulu a boma zimakhala m'Chipwitikizi, koma nthabwala inenedwe m'chiyankhulo chimene anthu amasekera masiku onse. Ku Angoniya ndi Chichewa. Vuto limabwera ngati pagome lapamwamba pali alendo osamva Chichewa: munthu amene aliyense akuseka iye osamva amayamba kuganiza kuti akusekedwa ndi iyeyo. Musamasulire nthabwala iliyonse pachimkuzamawu, kutero kumaipha ndipo kumawirikiza nthawi. Khazikani munthu pambali pa mlendoyo kuti azimunong'oneza, ndipo woyankhula anene chiganizo chimodzi m'Chipwitikizi poyamba, chofotokoza kuti tsopano ticheza za zizolowezi za a Diretori iwo atalola. Kumzinda wa Tete kapena ku Mowatize, kumene antchito amasakanikirana Anyungwe, Achewa, Asena ndi ochokera kutali, zingafunike kuti zonse zikhale m'Chipwitikizi, mawu okhawo amene abwana amakonda kunena n'kuwasiya mmene amawanenera.

Yesani pamaso pa anthu awiri

Kutatsala masiku awiri kapena atatu, werengani mokweza pamaso pa anthu awiri: mmodzi wokonda kuseka, wina wamkulu wosamala mwambo, makamaka mayi. Woyambayo akuuzani ngati zikuseketsa. Wachiwiriyo muzimuyang'ana nkhope. Akati "komatu apa", chotsani mzerewo osatsutsana naye, pakuti chimene chamugwira iye chidzagwiranso ena khumi patsikulo. Yesaninso nthawi ndi wotchi, n'kuonjezapo mphindi imodzi ya kuseka. Pepalalo lisazungulire pa WhatsApp tsiku lisadafike.

Patsikulo

Gwirizanani ndi woyendetsa mwambo za malo a gawoli. Likhale pambuyo pa pemphero ndi zolankhula zikuluzikulu zoyamba, koma mphatso zisadaperekedwe ndiponso a Diretori asadayankhe. Koposa zonse likhale mowa usadayambe kuyenda. Anthu akamwa amayamba kuponya mawu kuchokera kumbuyo, ndipo zimene mudasefa zija zimalowera pakamwa pa wina. Woyankhula naye asalawe kanthu mpaka atamaliza. Woyendetsa mwambo adziwiretu kuti pambuyo pake safunsa kuti "pali wina ali ndi nkhani yoonjezera?" Chimkuzamawu chibwerere m'manja mwake nthawi yomweyo.

Imani pamene mukuona nkhope ya a Diretori ndi ya akazi awo. Anthu ambiri m'chipindamo sayang'ana inu, amayang'ana iwo kuti adziwe ngati aseke. Mukaponya nthabwala khalani chete, muwerenge mpaka katatu mumtima, musaifotokoze. A Diretori akamaseka mpaka kugwedeza mutu, kuloza chala kapena kugunda mnzawo paphewa, pitirizani. Akamamwetulira ndi milomo yokha maso ali pagome, akayamba kusewera ndi foni, kapena mayi akaweramitsa mutu n'kumakonza kapulana, ndiye kuti mwaponda pena pake. Chizindikiro china ndi kuseka kochokera kungodya imodzi yokha, ena onse ali zii: nthabwala imeneyo ndi ya kagulu, yasiya ena panja, kapena ili ndi tanthauzo lachiwiri limene simudalidziwe.

Zikatero musapepese motalika, kupepesa kumakulitsa chinthu chimene ena sadachione. Dumphani zotsalazo mupite pa chiyamiko. N'chifukwa chake ndime yomaliza muyenera kuiloweza pamtima, kuti muzitha kuifikira kuchokera paliponse. Wina akakuwa kumbuyo ndi nkhani yoletsedwa, monga ya mowa ija, musaibwereze kapena kuiyankha. Kwezani mawu pang'ono n'kupitiriza mzere wanu, woyendetsa mwambo atume munthu akakhale pafupi ndi wokuwayo. Ngati china chake chapwetekadi, pitani kwa a Diretori panokha tsiku lomwelo phwando likatha, kapena m'mawa mwake kunyumba, mukapepese pamaso.

Mukamaliza, pitani mukawapatse moni wa manja awiri musadakhale pansi, anthu aone kuti zinali zocheza. Ngati mphatso ikugwirizana ndi nthabwala, monga cholembera chofiira chatsopano, iperekeni pamenepo ngati kamphatso koonjezera, isalowe m'malo mwa mphatso yeniyeni imene gulu lasonkhera.

Mawu omaliza ndi a mwini phwando. Auzeni pasadakhale kuti adzapatsidwa mpata woyankha ndi kubwezera, ndipo woyankhula akonzeke kusekedwa naye osayankhanso. Pa za mafoni, woyendetsa mwambo apemphe poyamba pomwe kuti gawo limeneli lijambulidwe ndi munthu mmodzi yekha amene mwamusankha. Kanema wa masekondi 20 wodulidwa pakati, wopanda chilolezo chija chakumayambiriro ndi chiyamiko chakumapeto, akafika kwa achibale ku Beira kapena ku Lilongwe amaoneka ngati antchito akunyoza mkulu wawo. Kanema wathunthu aperekedwe kwa a Diretori, iwo ndiwo asankhe woti amuone.